Lole ya simenti ifike bwanji pa puloti ku Machinjiri osasochera?

Nabanda: Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni maganizo. Loweruka likubwerali kukubwera lole ya matani atatu ndi matumba 30 a simenti komanso malata, kupita pa puloti yathu ku Machinjiri. Uthenga womwe ndakonza kuti ndimutumizire dalaivala ndi uwu: "Mukafika ku Machinjiri pa siteji ya pa chigayo mukhotere kumanja, muyende pang'ono mpaka muone mtengo waukulu wa mango. Nyumba yake ndi yosamaliza, ili kuseri kwa tchalitchi. Mukasochera mufunse kwa a Banda, aliyense amatidziwa." Uli bwino kapena pali poperewera?

Madala wa Lole: Achemwali, tisanakhudze china chilichonse, loleyo ikunyamukira kuti? Mwagula ku Limbe kapena ku Blantyre?

Nabanda: Ku Limbe, madala.

Madala wa Lole: Nanga inuyo mukamapita ku pulotiko mumakwerera kuti?

Nabanda: Ku Blantyre, timalowera pa Luwanda.

Madala wa Lole: Ndiye vuto lalikulu lili pomwepo. Kumanja mwalembako ndi kumanja kwa munthu wolowera pa Luwanda. Dalaivala wonyamuka ku Limbe sangazungulire m'tauni ndi katundu, adzadutsa cha ku Makhetha n'kulowa Machinjiri kuchokera mbali inayo. Pa siteji yomweyo iye adzafika akuyang'ana komwe inu mumachokera, ndiye kumanja kwanu kudzakhala kumanzere kwake. Akatsata uthenga wanu mokhulupirika adzalowa msewu wa tsidya lina, ndipo kumenekonso mtengo wa mango adzaupeza, chifukwa ku Machinjiri mango ali paliponse. Choipa chake n'chakuti sadzadziwa kuti wasochera, adzayenda ndi mtima wonse.

Choncho mawu oti kumanja kapena kumanzere asamayende okha. Azikhala ndi komwe munthuyo akuchokera: "mukuchokera ku Limbe, mukhotere kumanzere." Ndipo musaganizire njira yomwe adzere, mufunseni pafoni musanalembe. Ngakhale wochokera ku Blantyre ali ndi njira ziwiri zopitira cha kumeneko, ya ku Magalasi ndi ya ku Chirimba, zomwe zimakakumana pa Kameza.

Wakabaza wa pa Kameza: Zoona madala. Komanso mawu oti "ndikuchokera m'tauni" osamangowavomera. Wa ku Bangwe akati m'tauni nthawi zambiri akunena Limbe, wa ku Chilomoni akunena Blantyre. Mufunseni atchule dzina. Ndipo pa raundabauti ngati pathu pano osanena kumanja kapena kumanzere, poti aliyense amayamba walowera kumanzere kuti azungulire. Nenani komwe msewuwo ukupita: "mutenge wa ku Lunzu", "mutenge wa ku Chileka". Wochokera mbali iliyonse amva chimodzimodzi.

Achimwene a Mapu: Koma abale, zonsezi za chiyani masiku ano? Mayi, tsegulani WhatsApp, dinani Location, kenako "Send your current location". Basi. Dalaivala angotsata foni mpaka pakhomo. Za mitengo ya mango zinali za kale.

Nabanda: Ndiye nditumize pompano?

Wakabaza wa pa Kameza: Ayi mayi, musatumize! Muli kuti panopa?

Nabanda: Kuntchito, ku Ginnery Corner.

Wakabaza wa pa Kameza: Mwaonatu. Simenti yonse ikanatsikira ku Ginnery Corner. Batani limenelo limatumiza pomwe foni ili nthawi imeneyo, osati pomwe nyumba ili. Achimwene a Mapu mbali imeneyi sanaitchule.

Achimwene a Mapu: Chabwino, ndavomera. Mukafike kaye pa pulotipo. Ndipo muime panja, pa geti kapena pamsewu, osati m'nyumba ya malata, chifukwa pansi pa denga foni imavutika kumva masetilaiti ndipo imangoganizira. Mukatsegula Location mudikire kamphindi. Pansi pa batanilo pamalembedwa "Accurate to" ndi chiwerengero cha mamita. Chimayamba chili chachikulu kenako chimatsika. Chikafika pa mamita 10 kapena 15 ndiye mutumize. Chikakhala pa 100 kapena kuposa, m'dera lothithikana ndiye kuti mwamulozera nyumba makumi angapo nthawi imodzi. Njira ina ndi ya Google Maps: mudine n'kugwiritsa chala pamalopo mpaka pabwere kachizindikiro kofiira, kenako mutumize. Imeneyi mutha kuchita muli kuntchito komweko, bola muzitha kuzindikira puloti yanu pa chithunzi cha m'mwamba. Mukafuna kukopera manambala okha, a kuno amayamba ndi -15 ndi 35 kapena 34. Kamzere kotsogolera 15 kaja musakasiye, mukakasiya mapu akamutengera ku Sudan.

Madala wa Lole: Mwafotokoza bwino, mwana wanga, ndipo atumize ndithu. Koma kachizindikiro kofiirako kamanena pomwe nyumba ili, sikanena polowera. M'madera ngati Machinjiri, Ndirande kapena Bangwe, foni imasankha msewu womwe wayandikira kwambiri kachizindikiroko. Nthawi zina msewu umenewo uli tsidya lina la khwawa, kapena kuseri kwa mpanda wa aneba. Dalaivala amaima pamtunda wa mamita 50 okha, nyumba akuiona, koma kuti afike pa geti azungulire kilomita yathunthu. Komanso foni sidziwa kuti mwanyamula chiyani. Kanjira kodutsa njinga ndi msewu wodutsa lole, pa mapu zimatha kuoneka zofanana. Ndiye ngati mukutumiza chizindikiro chimodzi chokha, chikhale cha pokhotera kuchoka pa tala. Pamenepo m'pomwe anthu amasochererapo. Cha pa geti chikhale chachiwiri.

Ndipo musaiwale kuti madalaivala ena ali ndi foni ya mabatani, ena bando yatha. Mawu olembedwa bwino amagwira ntchito pa foni iliyonse.

Mayi a Chisomo: Pepani ndalowa mochedwa. Inetu ndimaona ngati nambala ya puloti ndi yokwanira. Ili pa mapepala a malo, komanso a MACRA aja anayamba kuika manambala pa nyumba ndi mayina a misewu. Bwanji osangomupatsa imeneyo?

Wakabaza wa pa Kameza: Mayi, nambala ya puloti ndi ya mu ofesi, imathandiza pa nkhani za malo. Pamsewu siioneka, ndipo palibe woyenda pansi amene mungamufunse kuti puloti nambala yakuti ili kuti n'kukulozerani. Ya pa nyumba ija ndi yabwino ngati kwanuko inafika ndipo ikuoneka pa geti, koma ntchito yake ndi yakumapeto, yotsimikizira kuti geti ndi lomweli. Siimuchotsa munthu pa tala. Apa tikunena puloti yoti nyumba yake sinafoleredwe n'komwe.

Nabanda: Ilibe nambala iliyonse yooneka. Ndiye madala, uthenga wanga uja ndikonze pati?

Madala wa Lole: Tiyeni tiuyende pang'onopang'ono. Choyamba chigayo. Pamsewu wolowa m'Machinjiri zigayo zilipo zingati? Wokhala komweko amadziwa chomwe chimatchedwa siteji, mlendo amakhota pa choyamba kuchiona. Tsono mumuuze Eriya yake, ndipo mumupatse chinthu china chachikulu chomwe adzachione asanafike pokhoterapo, kuti achepetse liwiro. Lole yolemera siima ngati njinga. Mukamuuza chizindikiro chomwe chili pamphambano penipeni, amachiona atadutsa kale, ndiye kubwerera m'mbuyo pamsewu wodzadza maminibasi ndi ntchito ina.

Pokhotera paliponse pamafunika zinthu zinayi: chomuchenjeza asanafike, chomwe chili pamphambanopo, chomutsimikizira atangokhota, ndi chomuuza kuti wapitirira. Chomalizachi ndi chomwe anthu ambiri salemba, pomwe ndi chomwe chimapulumutsa mafuta. Mukamuuza kuti "mukawoloka mlatho ndiye kuti mwapitirira", munthu sangasochere kuposa mamita mazana angapo. Popanda mawu amenewo amangoyenda ndi chiyembekezo mpaka Eriya ina.

Ndiuzeni tsono. Mukaima pa sitejipo n'kuyang'ana mbali ya ku Limbe, chachikulu chomwe chilipo ndi chiyani? Nanga mbali yomwe inu mumachokera?

Nabanda: Mbali ya ku Limbe kuli sukulu ya pulayimale ya mpanda wa njerwa, ndipo pali mahampu awiri. Mbali yomwe timachokera ife pali kamlatho, kenako filing'i siteshoni. Pamphambano penipeni pali chigayocho ndi thiransifoma. Ukalowa m'fumbimo umapeza kiyosiki ya madzi, kenako msewu umagawikana pawiri.

Madala wa Lole: Eya, mwaona chuma chomwe munachisiya n'kusankha mtengo wa mango? Sukulu, mahampu, thiransifoma, kiyosiki, mlatho. Zonsezi sizisuntha, zimaoneka uli pa chiwongolero, ndipo mahampu ngakhale usiku umawamva m'msana. Komanso pogawikana msewupo simunapatchule n'komwe mu uthenga wanu, chifukwa miyendo yanu inazolowera, imakhota yokha.

Nangozo wa ku Ndirande: Ndiwonjezere za zizindikiro zonyenga, poti kuno ku Ndirande n'kumene zimavuta kwambiri. Sitolo ya penti yofiira kapena yobiriwira ya makampani a foni si chizindikiro, pamsewu umodzi zimatha kukhalapo zisanu, ndipo mwezi wamawa apakapo mtundu wina. Benchi ya tomato, chiwaya cha tchipisi, galimoto yakufa yoimikidwa panja, mulu wa mchenga: zonsezi lero zilipo, mawa palibe. China choopsa ndi mayina a zinthu zomwe zinatha kale. Anthu amati "pa chigayo" pomwe chigayocho chinatsekedwa zaka zapitazo ndipo pano ndi shopu ya mipando. Dzina limenelo limathandiza ngati dalaivala akufunsa anthu, koma ndi maso sangalipeze. Ndiye a Nabanda, chigayo chanucho chikugaya, kapena latsala ndi dzina?

Nabanda: Chikugaya, koma chili mkati pang'ono, chikwangwani chinafufutika.

Nangozo wa ku Ndirande: Ndiye thiransifoma ikhale patsogolo, dzina la sitejilo libwere pambuyo ngati lofunsira. Tchalitchinso mutchule mpingo wake. M'dera limodzi mumapezeka CCAP, Katolika, Seventh Day ndi mipingo ina ing'onoing'ono yopempherera m'nyumba zooneka ngati zogona. Ndipo "kuseri kwa tchalitchi" kumatengera pomwe waima. Nenani kuti tchalitchicho chikhale dzanja liti iye akamadutsa.

Wakabaza wa pa Kameza: Ine mawu ondiwawa ndi "muyende pang'ono". Pang'ono pa munthu wa kwathu kuno pamatha kukhala kilomita ziwiri. Mayi, kuchokera pa siteji kufika pa puloti mumayenda mphindi zingati wapansi?

Nabanda: Zisanu, ndikanyamula katundu mwina zisanu ndi ziwiri.

Wakabaza wa pa Kameza: Munthu woyenda bwinobwino amatha mamita ngati 80 pa mphindi, ndiye mphindi zisanu ndi mamita 400. Lole yoyenda makilomita 20 pa ola m'fumbi imatha mtunda umenewo pa mphindi imodzi ndi masekondi ochepa. Mukangolemba kuti "mphindi zisanu" osanena kuti ndi za wapansi, dalaivala adzayenda mphindi zisanu zake, zomwe ndi kilomita imodzi ndi theka n'kupitirira. Ngati mamita amakuvutani kuyerekeza, werengani ndi bwalo la mpira, kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 100. Anu ndi mabwalo anayi.

Kuwerenga misewu nakonso samalani. "Msewu wachitatu kumanzere" imasokoneza chifukwa inu mumawerenga misewu yeniyeni, mlendo amawerenga ndi tinjira tolowa m'makomo tomwe. Mukapitirira ziwiri pa kuwerenga, ikanipo chinthu chooneka.

Mayi a Chisomo: Koma zofunsa anthu zija zili bwino, si choncho? Pakamwa ndi pomwe pali njira.

Nangozo wa ku Ndirande: Zili bwino mukafunsa ndi dzina loyenera. "Kwa a Banda" ku Machinjiri akakulozerani makomo khumi. Anthu a m'dera amadziwana ndi dzina la mwana kapena ntchito: kwa amake a uje, kwa aphunzitsi, kwa a telala. Komanso pa puloti yatsopano aneba sakudziwani inu, amadziwa fomani amene amakhalapo tsiku lililonse, kapena mwini malo wakale. Ofunsa abwino ndi akabaza a pa siteji ndi mayi wogulitsa madzi pa kiyosiki, osati munthu wongodutsa. Wongodutsa safuna kuoneka wosadziwa, amangoloza.

Madala wa Lole: Tsono tibwere pa za lole, poti izi si za kabaza. Matumba 30 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 1,500. Kuphatikiza malata ndi kulemera kwa loleyo, ndi matani anayi kapena kuposa akuyenda pa msewu wanuwo. Njira yachidule yomwe inu mumadutsa wapansi mwina si yomwe lole ingadutse. Musanafike Loweruka kayendeni msewuwo ndi maso a dalaivala. Muone ngati pali ngalande yovundikira ndi matabwa kapena kasilabu kopyapyala, ngati pali pomwe mipanda yapanikiza msewu, ngati pali mawaya a magetsi olendewera pansi kapena nthambi, ngati pali chitunda chokhala ndi miyala kapena dothi loterera kukagwa mvula. Chachikulu, kodi ikafika idzatembenukira pati? Ngati palibe potembenukira, dalaivala adziwe asanalowe, kuti asankhe yekha kulowa chafutambuyo kuchokera pamphambano yomaliza.

Nabanda: Pogawikana paja, wakumanzere ndi wachidule koma pali ngalande ya matabwa. Wakumanja umazungulira pang'ono kudutsa pa tchalitchi cha Seventh Day, ndi wotakata. Potembenukira ndi pabwalo la tchalitchi pomwepo.

Madala wa Lole: Ndiye uthenga wanu ukhale chonchi, ndipo muutumize ngati umodzi, osati tizidutswa khumi:

"Mukuchokera ku Limbe kudzera ku Makhetha. Mukalowa Eriya yathu mupeza sukulu ya pulayimale ya mpanda wa njerwa ndi mahampu awiri, pamenepo muchepetse liwiro. Mukangotha hampu yachiwiri muona thiransifoma kumanzere kwanu, mukhotere pomwepo kulowa msewu wafumbi. Siteji yake amati pa chigayo. Mukawoloka kamlatho kapena kuona filing'i siteshoni ndiye kuti mwapitirira. Mukakhota muona kiyosiki ya madzi, ndiye kuti muli m'njira yoyenera. Kutsogolo msewu wagawikana, mutenge wakumanja, wakumanzere uli ndi ngalande ya matabwa yosapirira lole. Mudutse tchalitchi cha Seventh Day, puloti ndi yotsatira, nyumba ya njerwa yosafolera. Kuchokera pa tala ndi mamita ngati 500. Mukafika pa sukulu muimbe."

Muikemo dzina la Eriya ndi la sukuluyo, munene dzanja lomwe tchalitchi ndi puloti zili, ndipo muwonjezere nambala yachiwiri ya foni ya netiweki ina. Ndaika 500 poti mwati wakumanja umazungulira, mukayese nokha.

Nangozo wa ku Ndirande: Madala, mwaphonya chimodzi. Mwati Loweruka, ndipo potembenukira ndi pabwalo la Seventh Day. Tsiku limenelo ndi Sabata, pabwalopo padzakhala anthu, ana ndi magalimoto kuyambira m'mawa. Lole siidzatembenuka pamenepo, komanso si ulemu kukalizira injini pakhomo anthu akupemphera.

Madala wa Lole: Eee, mwandigwira, mayi. Zoonadi. Achemwali, kapena musinthe tsiku likhale Lachisanu, kapena dalaivala alowe chafutambuyo kuchokera pogawikana msewu paja, wina akumuyang'anira kumbuyo. Ine ndikanasankha Lachisanu. Komanso m'mawa wa tsikulo wina akaone ngati pamsewupo sipanaikidwe masamba a maliro, chifukwa zikatero njira yonse yasintha.

Achimwene a Mapu: Kuwonjezera apo, dalaivalayo ngati ali ndi WhatsApp atumize "Share live location" ya ola limodzi akamanyamuka. Inu muzimuona akuyenda pa mapu, ndipo akangopitirira thiransifoma mumuimbira nthawi yomweyo. Mutumizenso chithunzi cha pokhoterapo, koma muchijambule mutayang'ana momwe iye adzaonere, mutaima mbali ya ku Limbe. Chojambulidwa kuchokera mbali yanu chidzamusokoneza ngati kumanja kuja.

Wakabaza wa pa Kameza: Ndipo akaimba kuti wasochera, osayamba ndi "muli kuti?", chifukwa akanadziwa sakanaimba. Muuzeni aime kaye pambali. Kenako mufunse chomwe akuona kutsogolo, chomwe wadutsa komaliza, ndiponso ngati akukwera kapena akutsika. Kuno ku Blantyre mapiri amathandiza: phiri la Ndirande ali nalo kutsogolo, kumbuyo kapena dzanja liti? Mukadziwa komwe wayang'ana m'pomwe mungayambe kunena kumanja ndi kumanzere. Ngati zakanika, apereke foni kwa wakabaza wapafupi mulankhule naye, atchula dzina la malowo.

Koma kunena zoona, ine maganizo anga ndi oti zonsezi n'zambiri. Tumizani mnyamata akaime pa thiransifoma atavala malaya owala, akwere m'loleyo, nkhani yatha.

Madala wa Lole: Zimathandiza, koma zimadalira nthawi. Lole ikati ifika 10 koloko imatha kufika 1 koloko chifukwa cha mzere popakira. Mnyamata akaima maola awiri padzuwa amapita kukamwa madzi, ndipo lole imadutsa nthawi yomweyo. N'chifukwa chake ndati aimbe akafika pa sukulu, kapena bwinonso akamanyamuka ku Limbe. Mnyamatayo akhale chowonjezera, uthenga ukhalepobe.

Wakabaza wa pa Kameza: Apo sitigwirizana madala. Uthenga wautali chonchija, munthu ali pa chiwongolero sawerenga. Amawerenga mizere iwiri yoyamba basi, zotsalazo amaimba foni.

Madala wa Lole: Pa njinga inde, muli nokha. M'lole mumakhala wothandizira, ndi amene amagwira foni n'kumawerenga.

Nangozo wa ku Ndirande: China choti muganizire, a Nabanda: uthenga wofika mpaka pa geti, wonena kuti pali simenti ndi malata panyumba yosatha, upite kwa dalaivala yekha. Pagulu pano musaike dzina la sukulu kapena Eriya. Ena pa katundu wamng'ono amakonda kukumana ndi wakabaza pa filing'i siteshoni pa chifukwa chomwechi.

Mayi a Chisomo: Nanga akafika kutada, magetsi atazima? Thiransifoma ija adzaiona?

Wakabaza wa pa Kameza: Ikakhala m'mphepete mwa msewu nyali za galimoto zimaigwira, koma mtundu wa geti kapena wa penti usiku iwalani, wobiriwira ndi wabuluu zimafanana. Zotsala ndi mahampu, mlatho, pothera tala, ndi munthu wa tochi pamphambano. Koma simenti musalole ifike usiku, mudzawerenga bwanji matumba ong'ambika?

Nabanda: Zikomo nonse. Ndamuimbira dalaivala. Akuti Lachisanu n'zotheka, koma ayamba wakatula katundu wina ku Chirimba, ndiye kwathu adzalowera pa Luwanda.

Madala wa Lole: Ndiye mutembenuze zonse za pa tala. Chomuchenjeza chikhale filing'i siteshoni ndi kamlatho, thiransifoma ikhala kumanja kwake, ndipo sukulu ndi mahampu ndi zomwe zimuuze kuti wapitirira. Za m'fumbi zisasinthe. Chithunzi chija mukajambulire mbali ya kamlatho. Mumufunsenso Lachisanu m'mawa ngati njira ikadali yomweyo musanatumize.